Laputopu ya M'phukusi

Foni ya mlamu wanga wamkazi inandipeza pa ntchito ku boma la Mzimba, ndikupemerera fumbi m'kompyuta ya ofesi ina. Mlamuyu ndi mng'ono wake wa malemu mkazi wanga. Sanachedwe ndi moni.

"Alamu, laputopu ya asisi ija siikuyaka."

"Mwaichaja?"

"Kuyambira m'mawa, pa sola ya achimwene. Palibe ngakhale kagetsi." Kenako anawonjezera, "Ikuoneka ngati yagona."

Pa ntchito yathu sitinena kuti yagona. Timati yafa. Mawu amenewa ndinali nditawanena kwa anthu ambirimbiri ndisakuganizako n'komwe. Koma chichitikire maliro anthu ankawazemba pamaso panga, ngakhale akulankhula za batire la tochi.

"Musadinenso batani," ndinamuuza. "Ichotseni pa chaja, muiike pamalo osagwedera. Kodi inagwa?"

Apa m'pamene analira, ndipo nkhani inatuluka mzidutswazidutswa. Tsiku lomwe tinanyamula thupi kupita kwawo, kuseri kwa Manyamula, azimayi a kwawo analowa m'chipinda chathu n'kumanga katundu wa mkazi wanga, monga umo zimakhalira. Katundu wa womwalira amakasungidwa pamudzi kufikira tsiku logawa. Mlamu wangayu, poopa fumbi la mumsewu, anakulunga laputopu m'juzi n'kuiika pakati penipeni pa zovala, kenako anamanga zonse m'chitenje. Sanauze munthu. Lole itafika pamudzi, amuna otsitsa katundu anatsitsa bwinobwino ndowa ya mbale ndi galasi la pakhoma, kupatsirana m'manja. Phukusi la zovala ndani amalipatsira m'manja? Analiponya kuchokera pamwamba, likagwera pa ngodya ya khonde la simenti. Linakhala m'chipinda cha apongozi miyezi yonse ija, osamasulidwa.

Foni imeneyi inabwera Lachinayi. Loweruka lake n'lomwe abale anakonza kuti akumane, agawe katundu, ndipo ine andisudzule, ndiye kuti andimasule ku ukwati wa mwana wawo.

Masana onse a Lachinayilo sindinakhale pampando. Ndinatseka kompyuta ya eni ake nditaiwala kulumikiza fani, ndinaitsegulanso. Ndinapita ku msika osadziwa chomwe ndikukagula, ndinabwerako ndi sopo yemwe ndinali naye kale. Kunyumba ndinalongedza zida m'chikwama, ndinazitulutsa, ndinazilongedzanso.

Zomwe zinali m'laputopumo ankazidziwa ndife awiri basi, ine ndi mkazi wanga. Ine ndine wa ku Dedza. Ndinabwera ku Mzimba nditangomaliza koleji, Chitumbuka ndisakudziwa kupatula yewo, zikomo wawo. Titayamba chibwenzi, iye anati sindingakaonekere kwa makolo ake ndi pakamwa pouma chomwecho. Ndiye ankatsegula laputopu yake, n'kumajambula mawu: iye anene, ine ndibwereze, iye aseke, kuti ndizikamvetsera ndekha. Titakwatirana sanasiye. Kunasanduka kusewera kwa Lamlungu masana. Foni yake inali kakang'ono ka mabatani, yanga yakale inagwera m'madzi dzinja lina. Mawu ake anatsala malo amodzi okhawo.

Ndipo m'mutu mwanga anali atayamba kuchoka. Zimene ankanena ndinkazikumbukira zonse, koma ndikamazikumbukira zinkamveka m'mawu anga. Laputopuyo sindinaipemphe miyezi yonseyo. Mwamuna wofunsa za chinthu chamtengo cha mkazi wake katundu asanagawidwe amadzipatsa dzina lomwe silifufutika.

Lachisanu m'mawa ndinakwera njinga yamoto. Inali nyengo ya mwera, fumbi lili kobo, mphepo yolowa mpaka m'mano. Chikwama ndinachiika patsogolo, pamimba, chifukwa munali laputopu yanga. Woyendetsa ankandifotokozera za mitengo ya fodya njira yonse, ine n'kumangoti eya. Pa Manyamula anaima kuti athire mafuta a m'botolo, ndipo ndinapezeka nditatsika n'kuyamba kuyenda wapansi, ngati ndikafika msanga. Anandipeza patsogolo akuseka.

Pamudzi anandilandira ndi mlamu wanga wamkulu, mchimwene wake wa mkazi wanga. Amagwira ntchito ku Joni, ndipo anabwerera mwambo womwewu. Ndi munthu wa thupi, wa mawu okweza, wokonda kundinyoza kuyambira tsiku lomwe ndinafika koyamba pakhomo pawo.

"Adokotala afika! Mulamu, mwaonda chomene. Ku boma kulibe azimayi ogulitsa mandasi?"

"Alipo, koma munawatengera ufa wonse ku Joni."

Anaseka n'kundimenya paphewa. Kenako anatsitsa mawu. "Za kachipangizo kaja musavutike nazo. Lolemba ndikunyamuka, ndikatenga. Kuja kuli anyamata amakonza zimenezi iwe ukudya tchipisi. Akapukuta zonse za m'katimo, kayambe ngati katsopano, mbwenu ndimutumizira mlongo wangayu. Tagwirizana kuti kakhale kake, akupita ku koleji ya uphunzitsi."

Akapukuta zonse. Ananena mokoma mtima, ngati akunena zochapa malaya.

"Ndiloleni ndiione kaye," ndinatero. "Mwina ndi kawaya chabe. Ndipite nayo ku boma, mawa m'mawa ndibwera nayo."

"Zimenezo mufunse amama."

Apongozi anali pamphasa kuseri kwa nkhokwe, akusankha nyemba. Ndinagwada chapatali, nkhope nditalozetsa kumbali. Tinapatsana moni m'Chitumbuka, kenako iwo anatembenukira ku Chichewa chawo cholemera, chomwe ankandisungira ine ndekha.

"Adada, katundu wa mwana wanga satuluka pamudzi pano mawa lisanafike. Ngakhale sipuni."

"Ndamva, amama."

"Ngati n'kutsegula, mutsegulire pano, ife tikuona. Anthu asadzanene kuti munatulutsamo kanthu, kapena kuti ife tinakubisirani kanthu."

Panja sipakanatheka chifukwa cha mphepo ija. Tinalowa m'nyumba ya mlamu wamkulu, ya malata, momwe munali batire la sola ndi inveta. Ndinakokera tebulo pafupi ndi windo. Ndinachotsa nsalu yoluka ya nayiloni yomwe inali pamenepo, ndinapukuta thabwalo, ndinayala katoni yoyera. Mlamu wamkulu anakhala pa mpando moyang'anana nane. Wamng'ono anaima kumbuyo kwanga. Apongozi anakokera mphasa yawo pakhomo, n'kukhala chammbali, theka m'nyumba theka panja.

Anaibweretsa ikadali m'juzi. Linali juzi lobiriwira lomwe ankavala popita ku kwaya nthawi yozizira. Ndinalipinda n'kulipereka kwa mng'ono wake osaliyang'anitsitsa.

Ndinayamba ndi zapanja. Laputopu yokhala miyezi osayatsidwa batire lake limatha lokha, ndiye mwina vuto linali chaja. Ndinailumikiza ku inveta, ndinayeza kumapeto kwake ndi mita. Inaonetsa mphamvu yomwe inalembedwa pa chajapo. Chaja inalibe mlandu.

Ndinatembenuza laputopu m'manja. Galasi linali lathunthu. Koma ngodya ya kumbuyo kumanzere, pomwe pali hinji yogwira galasi ndi polowera chaja, inali yophwanyika, pulasitiki itayasama pang'ono. Ndinanunkhiza pa timabowo ta mpweya. Panalibe fungo lopserera, panalibenso kafungo kotsekemera ka batire lobooka. Pansi sipanatupe. Ndinaipendeketsa pang'onopang'ono pafupi ndi khutu, ndipo m'kati munagubuduzika kanthu, kuti tcheke, n'kuima.

"Mwamva?" ndinafunsa.

"Ndalama imeneyo," anatero mlamu wamkulu. "Mlongo wanga ankabisa kutali ndi inu."

"Ndi sikuluwu. Ikakhala pa bodi, kathabwa ka magetsi ka m'katimu, inu n'kuyatsa, imalumikiza malo osayenera kukhudzana, n'kuwotcha zomwe zinali zamoyo. Munadina kangati dzulo?"

Mlamu wamkulu anayang'ana kudenga. "Tonse tinayesako," anatero. "Ngakhale asibweni anadinako."

Ndinaonetsetsa kuti chaja ili kutali, ndinadina batani loyatsira n'kuligwira kwa kanthawi kuti magetsi otsalira atuluke. Kenako ndinadzuka kukagwira zitsulo za pawindo. Nyengo youma ngati imeneyo thupi limasunga magetsi, aja amathetheka ukamavula juzi mumdima, ndipo kakuthetheka komwe iwe sungakamve n'komwe kamatha kupha kachipangizo ka pa bodi.

"Mukupemphera?" anafunsa mlamu.

"Ndikutaya magetsi."

"Tayirani m'batire langa, akusowa."

Ndinapempha sosala. Wamng'ono anabweretsa ya maluwa, yogumuka m'mphepete. Ndinavula wotchi n'kuikamo. Kenako ndinapotoza mphete ya ukwati, inavutirapo pa mfundo ya chala, inatuluka, ndinaiika m'sosalamo. Inalira kuti ngwee. Ndinatola sikuludiraiva.

Ndinali nditamasula kale sikuluwu yoyamba pamene ndinazindikira kuti m'nyumba mwati zii. Nyemba zinali zitasiya kugwera m'lichero. Nditadzutsa mutu ndinapeza mlamu wamkulu akundiyang'ana ndi nkhope yomwe sindinaionepo.

"Mulamu," anatero, "mawa silinafike."

Sindinamve chomwe akutanthauza.

"Tikusudzulani mawa. Palibe akukukanizani. Koma simukanadikira tsiku limodzi? Pamaso pa amama?"

Ndinayang'ana sosala, ndinayang'ana chala changa. Pamene panali mphete panali kamzere kotuwa. Pa ntchito ndinkaivula tsiku lililonse, kuiika m'thumba la malaya, kuivalanso poweruka. Manja anachita okha zomwe anazolowera. Sindinaganize kuti pamudzi pano, pa tsiku ngati limenelo, palibe angaone mmisiri akukonzeka ntchito.

"Ndi chitsulo, alamu," ndinatero. Mawu anga anatuluka ouma, ngati ndili m'kalasi. "M'katimu muli batire lomwe sindinalichotse. Mphete ikakhudza malo awiri nthawi imodzi imawotcha bodi, ndipo imatha kutentha n'kupsereza chala. Sititsegula titavala."

"Ku Joni ndaona anthu akukonza atavala matcheni mpaka m'mano."

"Eya. Koma iyi ndi imodzi yokha."

Ndinaganiza zoivalanso, nkhani ithe. Dzanja linafika mpaka pa sosala. Ndinalibweza. Apongozi ananena mawu ochepa kwa mwana wawo wamkazi, motsitsa, ndipo iye anatenga sosala ija n'kupita nayo pakhomo. Ndinaona ndi kona ya diso akutola mphete, akuimanga pa nsonga ya chitenje chawo, pomwe amamanga ndalama ya chopereka. Wotchi anaibweza. Sanandiyang'ane, ndipo sindinadziwe ngati andisungira kapena andilanda.

Nthabwala zinathera pomwepo. Ndinapitiriza ntchito.

Masikuluwu a pansi pa laputopu amaoneka ofanana koma si ofanana. Ena ndi aatali, ndipo yaitali ukaibwezera pa bowo la yaifupi imaboola bodi kapena kutulukira pa kiyibodi. Ndinajambula chithunzi cha pansi pake pa katoni, ndipo iliyonse ndikaimasula ndinkaibaya pa malo ake pa chithunzipo. Chivundikiro chinakanabe. Sindinakakamize. Chikakana ndiye kuti ina yabisala. Ndinamatula timphira tomwe laputopu imapondera, ndipo pansi pa tiwiri ta kumbuyo panalidi masikuluwu ena.

Mlamu anatulutsa mpeni m'thumba n'kuuika patebulo. Kunali kufuna kuthandiza, kapena kufuna kuti nditsirize msanga ndizipita. Ndinathokoza, koma ndinatenga kakhadi kakale ka pulasitiki. Mpeni ukaterereka umadula kawaya, ukalowa kwambiri umabaya batire, ndipo batire lobayidwa limayaka moto wosamva madzi a m'ndowa. Ndinalowetsa nsonga ya khadi mu mpata, kutali ndi ngodya yophwanyika ija, n'kumayendetsa m'mphepete. Timano ta pulasitiki tinkamasuka kamodzikamodzi, thu, thu. Chilichonse chikalira wamng'ono ankadzidzimuka kumbuyo kwanga.

Nditanyamula chivundikiro, sikuluwu ija inagwera pa katoni, ikadali ndi kachidutswa ka pulasitiki komwe inazuka nako pa hinji. M'fani munali fumbi la m'nyumba yathu, ndi tsitsi limodzi lalitali lopota. Ndinalisiya pomwepo.

Ndinajambula m'kati monse ndi foni ndisanakhudze kanthu, kuti pobwezera ndisadalire mutu wanga, umene tsiku limenelo sunali wodalirika. Choyamba kuchotsa ndi batire. Ndinagwira kapulagi kake m'mbali ndi zikhadabo, osati kukoka mawaya, n'kukasolola mowongoka. Ndinadinanso batani loyatsira kwa kanthawi. Kenako ndinamasula hadi disiki, kabokosi kachitsulo kopyapyala komwe mumakhala zonse zosungidwa. Ndinaitulutsa ndi manja awiri ngati dzira.

"Mukutulutsamo chiyani?" anafunsa mlamu.

"Nkhokwe yake. Zithunzi, zolemba, zonse zili umu. Sindifuna ikhale m'kati ndikamayesa magetsi." Ndinaiika pa mpango woyera, pakati pa tebulo, pomwe apongozi akanatha kuiona. "Ikhale apa."

Ndikanatha kuiyesa nthawi yomweyo. Kabokosi kolumikizira kanali m'chikwama. Koma ndinayamba ndi zomwe ndikanapirira zitakanika.

Laputopu ikagwa, nthawi zambiri sichisweka chinthu, zimangosolokana. Ndinayenda ndi tochi polumikizira paliponse. Kalamba kopyapyala ka kiyibodi kanali m'malo mwake, kachitseko kake kotseka. Kebulo ya galasi inali bwino, tepi yake yosamatuka. Ramu, kabodi kakang'ono kobiriwira, inali itatumphuka mbali imodzi, kopanira kake katatseguka. Ndinaichotsa, ndinaigwira m'mphepete mokha, ndinailowetsanso mopendekera n'kuitsitsa mpaka zopanira zonse zinalira. Kenako pa ngodya ija ndinapeza chomwe ndinkafuna: kawaya kochokera polowera chaja kanali katasoloka theka pa bodi.

Zoterezi ndazionapo kambirimbiri. Munthu amabwera akulira, iwe n'kukankha kapulagi ndi chikhadabo, iye n'kumapita akuimba. Ndinakakankha mpaka kanakhala.

"Kanali aka," ndinatero. "Mwina."

Wamng'ono anagwira pakamwa. Ndinatembenuza laputopu, ndinaitsegula pang'ono mosamala chifukwa hinji inalibe pogwira, batire ndi disiki zili kunja. Ngakhale popanda disiki, laputopu yamoyo imayaka n'kuonetsa chizindikiro chake. Ndinalumikiza chaja, manja kutali ndi bodi. Kagetsi kanayaka.

"Kayaka!" anakuwa mlamu, ataiwala kuti wandikwiyira.

Ndinadina batani. Fani inagwedezeka, inazungulira pang'ono, inaima. Kagetsi kanazima.

"Dinaninso."

"Ayi."

Ndinachotsa chaja. Ndinadzuka, ndinafika pawindo, ndinagwira zitsulo zija nthawi yaitali kuposa momwe magetsi a m'thupi amafunira. Panja mphepo inkakankha makoko a chimanga kuzungulira bwalo. Anyamata ankamanga chisakasa cha alendo a mawa. Ndinabwerera patebulo.

Mng'alu wa pa bodi suoneka ukauwalitsira kuchokera pamwamba. Umagoneka tochi chammbali, kuwala kuzikwawa, n'kuyang'ana ndi galasi lokuza. Umayambira pomwe pali mabowo a masikuluwu, pa mahinji, ndi polowera zinthu, chifukwa mphamvu ya kugwa imathera pamenepo. Ndipo supinda bodi kuti uone ngati yasweka. Ukatero umamaliza wekha zomwe simenti inayamba.

Ndinaupeza msanga. Unayambira pa bowo lomwe panazuka sikuluwu ija, woonda ngati tsitsi, n'kudutsa pakati pa tizipangizo tolandira magetsi a chaja, kukathera m'mphepete. Pa njira yake panali malo awiri owala pomwe panathothoka kachipangizo kochepa ngati njere ya chitowe.

Ndinapatsa mlamu galasi. Anawerama, anapuma mwamphamvu, ndinamukankhira mutu kumbuyo pang'ono.

"Kameneka? Kamng'alu kameneka? Timate ndi guluu."

"Bodiyi ikuoneka imodzi, koma ndi zingapo zomatikizana, ndipo pakati pake pamadutsa tinjira ta kopa tosaoneka. Ta pamwamba munthu angalumikize ndi mtovu. Ta m'kati taduka, ndipo palibe chala chingafikeko."

"Ndiye kuti?"

Onse atatu ankadikira. Ndinafunafuna mawu ena, ndipo sindinawapeze.

"Yafa," ndinatero.

Wamng'ono anabuula ngati wamenyedwa. Mlamu anayang'ana pakhomo mwamantha. Apongozi anapitiriza kusankha nyemba, ndipo patapita kanthawi anavomera m'Chitumbuka, "Enya." Basi.

Ndinauza mlamu kuti galasi, kiyibodi, ramu ndi batire zikuoneka zabwino. Chofunika ndi bodi ina ya mtundu womwewo, ndi chivundikiro cha pansi. Ndinamuonetsa nambala yosindikizidwa pa bodipo, kuti aijambule, akafunse kwa anyamata ake a tchipisi aja. Akaipeza atumize, ndidzaika ndine, mlongo wake apite nayo ku koleji. Anajambula kawiri, chala chake chachikulu chikuphimba theka la chithunzi.

Panatsala mpango uja pakati pa tebulo.

Ndinatembenukira kukhomo, maso pansi. "Amama, pali chinthu sindinanene. Umu muli mawu ake. Ankandiphunzitsa Chitumbuka, n'kumajambula. Sindikupempha nkhokweyi, ndi ya pamudzi pano. Ndikupempha kukopera mawuwo."

Lichero linaikidwa pansi.

"Alimo?"

"Sindikudziwa. Inagwa limodzi ndi zonsezi."

M'kati mwa hadi disiki muli timbale tozungulira, ndi kamkono kowerenga komwe kamayandama pamwamba pake osakhudza. Ikagwa ikuzungulira, kamkono kamakanda timbale. Ikagwa itazima, kamkono kamakhala katabwerera pamalo pake, ndipo nthawi zambiri imapulumuka. Iyi inagwa itazima, ili m'juzi. Ndinadziuza zimenezi m'njira monse. Koma nthawi zambiri si nthawi zonse.

Ndinaiika m'kabokosi kolumikizira, ndinayatsa laputopu yanga, ndinapempha kuti pasapezeke wogunda tebulo. Ndinawauza kuti ikayamba kulira kuti tcha, tcha, tcha, ndichotsa nthawi yomweyo, chifukwa kulira kumeneko ndi kamkono kakuvutika, ndipo kuumirira n'kukanda zomwe zatsala. Ndinalowetsa kebulo. Ndinatsitsa khutu mpaka linatsala pang'ono kukhudza.

Kunamveka kakung'ung'udza, kakukwera, kenako kanakhazikika. Tinaphokoso tofewa ta kuwerenga. Ndinadikira kulira kuja. Sikunabwere. Pagalasi sipanaoneke kanthu kwa nthawi yomwe inandikwana kuluma mlomo mpaka kumva mchere. Kenako disiki inaoneka.

Ndinatsegula mpaka pa chikwatu cha dzina lake. Kompyuta inatulutsa uthenga, ndipo ndinapezeka ndikuwerenga mokweza m'Chichewa. "Ikuti ndilibe chilolezo cholowa muno. Ikufunsa ngati ndipitirize."

Ndi uthenga wamba, umatuluka nthawi zonse ukatsegula disiki ya kompyuta ina. Koma apongozi anaumva ngati funso lopita kwa iwo.

"Njirani," anatero. Lowani.

Sindinatsegule fayilo ngakhale imodzi. Disiki yomwe yagwa imatha kudzuka kamodzi kokha, ndiye umayamba ndi kukopera chomwe sungapirire kuchitaya. Ndinasankha chikwatu cha mawu. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda. Ndinaimirira, ndinakhala, ndinaimiriranso. Chapakati kanaima. Disiki inang'ung'udza pamalo amodzi, kubwereza, kubwereza, kenako uthenga unati fayilo ina siikuwerengeka. Ndinaidumpha. Patsogolo inakananso ina, ndi inanso. Sindinaziumirize. Mpaka lero sindidziwa zomwe ananena m'masana a Lamlungu amenewo. Zotsalazo zinadutsa. Ndinakopera zithunzi, ndinakoperanso zonse pa fulashi ya wamng'ono, ndinachotsa disiki mwadongosolo n'kuibwezera pa mpango.

Ndinkafuna kukamvera ndekha ku boma, chitseko chotseka. Koma apongozi anali atalowetsa mphasa yonse m'nyumba. Ndinatsegula fayilo yakale kuposa zonse.

Kunamveka mvula pa malata, mpando ukukokedwa. Kenako iye, akundiuza m'Chitumbuka kuti ndinene moni wa masana.

"Yowoyani: mwatandala uli, amama."

Mawu anga, aunyamata, amanyazi, anabwereza.

"Yayi! Mukuthamangira kuti? Amama akakumvani chonchi akakubwezerani pa msewu pomwepo. Yowoyaniso."

Ndinabwerezanso. Iye anaseka, kuseka kuja kothera m'kutsokomola, n'kumenya tebulo mpaka maikolofoni inalira.

Mawuwo anali opyapyala kuposa momwe ndinkaganizira, okwera, othamanga. Maikolofoni ya laputopu imadya mawu a pansi. Koma anali ake. Ndinayang'ana pa katoni, pa masikuluwu obayidwa m'mizere, ndipo sindinasunthe maso mpaka fayilo inatha. Wamng'ono anali atakwirira nkhope m'juzi lija. Mlamu anatuluka, ndinamumva akukalipira anyamata a chisakasa pa chinthu chomwe sanalakwe.

"Mpaka lero mumathamanga pomwepo," anatero apongozi.

"Eya, amama."

"Ntchito yamala?"

"Yatsala kutseka."

"Tsekani."

Ndinabwezera disiki m'malo mwake. Batire ndinalisiya losalumikiza, kuti wina akadzadinanso batani pasachitike kanthu. Ndinakhazika chivundikiro, timano tinalira, ndinazula masikuluwu pa katoni imodziimodzi n'kuibwezera pa bowo lake. Inatsala ija yozuka pa hinji, yomwe inalibenso pogwira. Ndinaimata ndi tepi pansi pa laputopu kuti isasowe.

Nditapukuta manja, ndinamva sosala ikukhuzumuka pa simenti, ikukankhidwira kwa ine, mphete ili momwemo. Apongozi anali akumanganso nsonga ya chitenje, nkhope ili panja.

"Valani," anatero. "Za mawa tikayowoya mawa."

Inavutiranso pa mfundo ya chala, monga nthawi zonse.